KODI ULENDOWU UTENGA NTHAWI YAITALI BWANJI?

Mlendo akafunsa njira m'mudzi, kawirikawiri amalandira yankho lolimbitsa mtima. Amamuuza kuti, "Ndi pompa bambo, mukangooloka dambolo mwafika." Dambo lija alioloka, chitunda achikwera, dzuwa lipendeka, koma mudzi wosaoneka. Woyankha uja sananame dala. Iye njirayo anaizolowera kuyambira ali mwana, ndipo sanaiyesepo ndi wotchi.

Masiku ano kwabwera yankho la mtundu wina. Mnyamata amayang'ana pa foni n'kunena kuti, "Ulendowu ndi wa ola limodzi ndi mphindi 23." Yankho lotere limamveka lanzeru kuposa loyamba lija, koma nalonso limasocheretsa. Loyamba lilibe nambala konse. Lachiwiri lili ndi nambala yakuthwa kwambiri, yolonjeza chinthu chimene palibe munthu angachidziwiretu. Phunziro la mwezi uno likufotokoza kawerengedwe ka nthawi ya ulendo, kukula kwa chikayiko chimene chimakhalapo, ndi mawu oyenera ponena nthawiyo kwa mnzako.

NKHANI YOPHUNZIRIRAPO

Nkhani iyi ndi yongoyerekeza, koma zotere zimachitika m'midzi yambiri. Mnyamata wina wa m'mudzi wa makilomita 6 kuchokera pa boma la Dedza walandira kalata yomuitana ku Lilongwe kukayesedwa ntchito. Kalatayo yanena kuti afike 10 koloko m'mawa, ndipo wochedwa sadzaloledwa kulowa. Amalume ake, amene ndi mphunzitsi pa sukulu ya m'mudzimo, ndiwo adzamuperekeza.

Mnyamatayo ananena kuti, "Amalume, kuchokera pa Dedza kukafika ku Lilongwe ndi ola limodzi ndi theka. Tikanyamuka 8 koloko tifika nthawi ikadalipo."

Mphunzitsiyo anatenga pensulo ndi pepala nati, "Mphwanga, wawerenga msewu wokha. Ulendo umayambira pakhomo pano, ndipo umathera pa chitseko cha ofesiyo."

Apa pali cholakwa choyamba chimene anthu ambiri amachita. Iwo amawerenga nthawi imene galimoto likuthamanga, naiwala kuyenda pansi, kudikira ndi kusintha galimoto. Choncho ntchito yoyamba ndiyo kudula ulendo m'zigawo. Ulendo wa anthu awiriwa uli ndi zigawo zinayi: kuyenda pansi kukafika pa boma, kudikira minibasi kuti idzaze, kuyenda pa msewu wa M1, ndi kuchoka pa depoti ya ku Lilongwe kukafika ku ofesi. Pa chigawo chilichonse mphunzitsiyo analemba nambala zitatu: nthawi imene chimatenga zinthu zikayenda bwino, nthawi ya masiku ambiri, ndi nthawi imene chimatenga zinthu zikavuta.

ZIGAWO ZINAYI

Chigawo choyamba ndi cha makilomita 6 oyenda pansi. Munthu wamkulu wathanzi, wopanda katundu wolemera, amayenda makilomita 4 kapena 5 pa ola m'njira yabwino. Woyenda makilomita 5 pa ola amatha kilomita imodzi m'mphindi 12, ndipo woyenda makilomita 4 pa ola amaitha m'mphindi 15. Kotero makilomita 6 atenga mphindi 72 kwa wofulumira ndi mphindi 90 kwa woyenda pang'onopang'ono. Mphunzitsiyo analemba 72, 80 ndi 90. Akuluakulu amene anazolowera mailosi akumbukire kuti mailo imodzi ndi kilomita imodzi ndi theka ndi kakang'ono pamwamba, ndiye kuti mailosi 5 ndi makilomita 8.

Njira ikakhala yokwera phiri, monga zilili njira zambiri za ku Dedza, nthawi imawonjezeka. M'chaka cha 1892 munthu wina wa ku Sikotilandi wokonda kukwera mapiri, dzina lake William Naismith, anapereka lamulo limene oyenda m'mapiri amaligwiritsabe ntchito. Lamulolo likunena kuti munthu awerengere ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, ndipo awonjezere ola lina pa mamita 600 aliwonse amene wakwera, ndiko kunena mphindi 10 pa mamita 100. Lamuloli ndi la munthu wamphamvu amene sakupuma panjira. Mayi wobereka mwana kapena munthu wosenza thumba la chimanga amafuna nthawi yoposa pamenepo. Njira ya mphunzitsi uja ndi yosakwera, choncho sanawonjezere kanthu.

Chigawo chachiwiri ndi kudikira. Minibasi siyendera wotchi, imanyamuka ikadzaza. Wofika pamene kwatsala malo awiri okha amanyamuka patangopita mphindi 10, koma wofika pamene ina yangochoka kumene akhoza kukhala pampando ola lathunthu, kondakita akuitanirabe anthu. Mphunzitsiyo analemba 10, 30 ndi 60. Chigawo ichi ndi chopanda mtunda, komabe ndicho chili ndi chikayiko chachikulu kuposa zonse, pakuti pakati pa nambala yaing'ono ndi yaikulu pali mphindi 50.

Chigawo chachitatu ndi msewu. Kuchokera pa Dedza kukafika ku Lilongwe pali makilomita pafupifupi 85. Nthawi imapezeka pogawa mtunda ndi liwiro, koma liwiro loyenera kugwiritsa ntchito si limene limaoneka pa geji ya dalaivala pamene msewu wawongoka. Minibasi imaima kutsitsa ndi kukweza anthu m'malo monga pa Linthipe, pa Chimbiya, pa Kamphata ndi pa Nathenje, ndipo imaimanso pamene apolisi atchinga msewu. Liwiro lofunika ndi la ulendo wonse, kuphatikizapo kuima konseko. Ikakhala kuti yayenda makilomita 60 pa ola, ndiye kuti ikutha kilomita imodzi pa mphindi imodzi, ndipo ulendo utenga mphindi 85. Ikakhala kuti yayenda makilomita 45 pa ola, ulendo utenga mphindi 113. Mphunzitsiyo analemba 85, 100 ndi 113.

Chigawo chachinayi ndi cha m'tauni. Akatsika pa depoti ayenera kukwera minibasi ina kapena kabaza, ndipo m'mawa magalimoto amachuluka m'misewu ya m'tauni. Pa chigawo ichi analemba 20, 30 ndi 40.

KUPHATIKIZA NAMBALA

Tsopano mphunzitsiyo anaphatikiza mizere yake itatu.

Zikayenda bwino: 72 + 10 + 85 + 20 = 187, ndiko kunena maola 3 ndi mphindi 7.

Masiku ambiri: 80 + 30 + 100 + 30 = 240, ndiko kunena maola 4.

Zikavuta: 90 + 60 + 113 + 40 = 303, ndiko kunena maola 5 ndi mphindi 3.

Ulendo umene mnyamata uja ankauyesa wa ola limodzi ndi theka wapezeka kuti ndi wa maola anayi. Akadanyamuka 8 koloko, akadafika cha m'ma 12, mayeso atatha kale.

Koma nambala za m'mphepetezo ziyenera kumveka bwino. Kuti ulendo utenge mphindi 187 zokha, zigawo zonse zinayi ziyenera kuyenda bwino tsiku limodzi, ndipo mwayi wotere subwera kawirikawiri. Chimodzimodzinso kuti utenge mphindi 303, zigawo zonse ziyenera kuvuta pamodzi. Masiku ambiri chigawo china chimachedwa pamene china chafulumira: munthu amadikira nthawi yaitali pa Dedza, koma minibasi yodzaza kale siimaimanso panjira. Kuchedwa ndi kufulumira kumabwezerana pang'ono. Ndicho chifukwa chake maulendo ambiri a mtundu uwu amagwera pakati pa maola atatu ndi theka ndi maola anayi ndi theka, osati m'mphepete mwenimweni.

Pali chenjezo limodzi. Kubwezerana kumeneku kumachitika pokhapokha ngati chochedwetsa chigawo china sichikhudza chinzake. Mvula imakhudza zonse. Tsiku la mvula yaikulu m'mwezi wa Januwale kapena Febuluwale njira ya pansi imaterera, okwera minibasi amachepa ndipo siidzaza msanga, dalaivala amayenda mochenjera, ndipo akabaza amabisala m'makonde. Chinthu chimodzi chatalikitsa zigawo zonse zinayi. Tsiku lotere nambala yoyenera kuikhulupirira ndi ya maola 5, ndipo nthawi zina ngakhale imeneyo imachepa. Mafuta a galimoto akasowa zimakhalanso chomwecho.

CHIFUKWA CHAKE KUCHEDWA KUMAPOSA KUFULUMIRA

Ulendo ukhoza kufupika pang'ono chabe, koma ukhoza kutalika kwambiri. Izi zimaoneka ngakhale m'masamu. Pa makilomita 85, liwiro la makilomita 60 pa ola limapereka mphindi 85. Liwirolo likakwera ndi 15 kufika pa 75, ulendo utenga mphindi 68, ndipo zapulumuka mphindi 17. Likatsika ndi 15 yemweyo kufika pa 45, ulendo utenga mphindi 113, ndipo zatayika mphindi 28. Kusintha n'kofanana, koma chotayika n'chachikulu kuposa chopulumuka.

Panjira zimakhala zoposa apo. Palibe chimene chingachititse minibasi kufika ku Lilongwe m'mphindi 30, koma tayala likhoza kuphulika, lole ikhoza kugwa n'kutseka msewu, ndipo dalaivala akhoza kusamutsira anthu ake m'minibasi ina pakati panjira. Kotero munthu ponena nthawi asaike mpata wofanana mbali zonse ziwiri. Mpata wa kuchedwa ukhale waukulu kuposa wa kufulumira. Pa ulendo uja, theka la ola likwanira ku mbali yofulumira, koma ku mbali yochedwa pakufunika ola lathunthu.

KUSENDEZA NAMBALA

Kusendeza nambala ndiko kusiya nambala ya masamu n'kutchula nambala yapafupi nayo yosavuta kunena, monga kunena maola 5 m'malo mwa maola 5 ndi mphindi 3. Ena amaganiza kuti kuchita zimenezi ndi ulesi. Si ulesi, ndi kunena zoona. Munthu akanena kuti "maola 5 ndi mphindi 3," womvera amaganiza kuti wonenayo akudziwa ulendowo mpaka pa mphindi imodzi. Koma kudikira kokha pa Dedza kuli ndi chikayiko cha mphindi 50. Mphindi zitatu zija zilibe tanthauzo, monga momwe munthu woyeza chimanga ndi ndowa sanganene kuchuluka kwa njere zake.

Lamulo ndi lakuti nambala isakhale yakuthwa kuposa chimene munthu akudziwa. Pa maulendo a m'midzi ndi a minibasi muyeso uwu umathandiza:

1. Ulendo wosafika ola limodzi unenedwe m'mphindi zisanuzisanu, monga mphindi 25 kapena 40.

2. Ulendo wa pakati pa ola limodzi ndi maola atatu unenedwe m'mphindi 15, monga ola limodzi ndi mphindi 15, kapena maola awiri ndi mphindi 45.

3. Ulendo woposa maola atatu unenedwe m'matheka a ola, monga maola atatu ndi theka.

4. Ulendo wa tsiku lonse unenedwe m'maola athunthu, kapena ndi mawu monga "cha m'ma 4 koloko madzulo."

Muyeso uwu si lamulo la boma ayi. Basi yaikulu yonyamuka pa nthawi yolembedwa, yosaima panjira, ikhoza kunenedwa ndi nambala yakuthwako. Ngolo ya ng'ombe m'nyengo ya matope imafuna nambala yotakasuka kuposa imeneyi.

Posendeza nambala pali zolakwa zitatu zofala. Choyamba ndicho kusendeza chigawo chilichonse pachokha, makamaka kuchitsitsa. Munthu amati mphindi 80 za kuyenda pansi ndi "ola limodzi," mphindi 30 za kudikira ndi "pang'ono chabe," mphindi 100 za pamsewu ndi "ola ndi theka," ndipo za m'tauni ndi "theka la ola." Akaphatikiza amapeza maola atatu, ndipo ola lathunthu lasowa osadziwa kumene lapita. Nambala ziyenera kuphatikizidwa kaye monga zilili, ndipo kusendeza kuchitike kamodzi kokha, pa mapeto.

Cholakwa chachiwiri ndicho kusendeza chotsitsa pamene pali nthawi yoikika. Ngati masamu apereka maola 4 ndi mphindi 10, wokacheza kwa azakhali ake akhoza kunena maola 4. Wothamangira mayeso kapena bwalo la milandu anene maola 4 ndi theka.

Cholakwa chachitatu chimapezeka m'makope a ana a sukulu, ndipo aphunzitsi achiyang'anire. Mwana akagawa 85 ndi 60 amapeza 1.4, ndipo amalemba kuti ola limodzi ndi mphindi 40, kapena ola limodzi ndi mphindi 4. Zonsezi n'zolakwa, pakuti ola lili ndi mphindi 60, osati 100. Kagawo ka 0.1 ka ola ndi mphindi 6, kotero 1.4 ndi ola limodzi ndi mphindi 24, ndipo 1.5 ndi ola limodzi ndi mphindi 30. Njira yopewera cholakwa ichi ndiyo kuwerenga zonse m'mphindi, monga anachitira mphunzitsi uja, n'kusandutsa maola pa mapeto.

MAWU OYENERA PONENA NTHAWI

Yankho labwino limakhala ndi zinthu zinayi. Limanena pamene ulendo ukuyambira ndi pamene ukuthera, pamodzi ndi choyendera. Limanena nthawi ya masiku ambiri. Limanena nthawi yaifupi ndi yaitali. Ndipo limanena chimene chingasokoneze zonse. Mphunzitsi uja anauza mphwake kuti:

"Kuchokera pakhomo pano kukafika ku ofesiyo, pansi ndi pa minibasi, ndi maola ngati anayi. Zikayenda bwino ndi atatu ndi theka, zikavuta ndi asanu. Kukagwa mvula yaikulu kapena galimoto likawonongeka, zikhoza kupitirira pamenepo."

Mawu ameneka ndi ochepa, ndipo mwana akhoza kuwakumbukira. Womva sapusitsidwa, pakuti wapatsidwa nambala ndi chikayiko chake pamodzi. Mawu oti "ngati," "pafupifupi" ndi "cha m'ma" ali ndi ntchito yake, koma paokha sakwanira. Munthu akangonena kuti "pafupifupi maola anayi," womva sadziwa ngati kusiyana kwake ndi kwa mphindi 10 kapena kwa ola lonse. Nambala ziwiri za m'mphepete ndizo zimaonetsa kukula kwa chikayiko.

Yankho lisakhalenso lotakasuka mopitirira. Wonena kuti "pakati pa maola awiri ndi maola khumi" sananame, koma sanathandize munthu. Malire ayenera kukhala amene maulendo ambiri amagweramo, ndipo zachilendo monga ngozi zitchulidwe padera.

Chimodzimodzi polonjeza nthawi yofika. Wonyamuka 6 koloko pa ulendo umenewu asauze womuchingamira kuti, "Ndifika 10 koloko." Anene kuti, "Ndifika pakati pa hafu 9 ndi 11 koloko. Ikakwana 11 ndisanafike, mundiimbire foni." Womuchingamirayo adziwa nthawi yoyamba kuyang'ana njira, ndipo adziwanso nthawi yoyenera kuyamba kuda nkhawa.

NAMBALA YOYENDERA

Funso lotsala ndi lakuti anyamuke nthawi yanji. Apa munthu ayenera kumvetsa tanthauzo la nambala ya masiku ambiri. Imeneyo ndi nambala yapakati: pa maulendo khumi, pafupifupi asanu amatenga nthawi yochepera apo, ndipo asanu enawo amatenga yoposa apo. Choncho akanyamuka 6 koloko, kudalira maola anayi, mwayi wofika pa nthawi ndi theka lokha. Palibe munthu wanzeru amene angaike ntchito ya mphwake pa mwayi wotere.

Nambala yoyendera imasankhidwa poona chimene chitayike munthu akachedwa. Wopita kukaona abale ayendere nambala yapakati, pakuti akachedwa apeza nsima itazizira basi. Wopita ku mayeso, ku bwalo la milandu, kapena kukakwera basi imene imanyamuka kamodzi pa tsiku, ayendere nambala yaikulu, ndipo awonjezerepo mphata wofunafuna chitseko ndi kupukuta fumbi. Mphunzitsi uja anachotsa maola 5 pa 10 koloko napeza 5 koloko m'mamawa. Anachotsaponso theka la ola napeza hafu 4.

Masamu akafika pamenepa amaonetsa chinthu china chimene sichinkaoneka poyamba. Hafu 4 kumakhala kukadali mdima, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene dzuwa limatuluka cha m'ma 6 ndipo ku Dedza kumazizira koopsa. Kuyenda makilomita 6 mumdima kumachedwetsa, ndipo minibasi za m'bandakucha sizidziwika kadzazidwe kake. Poona zimenezi, mphunzitsiyo anaganiza zoti anyamuke dzulo lake masana n'kukagona kwa mbale wawo ku Lilongwe. Pochita zimenezo anachotsa zigawo zitatu za chikayiko, ndipo m'mawa wa tsikulo kunatsala chigawo chimodzi chokha, cha mphindi 20 mpaka 40. Chikayiko chikakula kwambiri, mankhwala ake si kuwerenga masamu kachiwiri, koma kusintha ulendowo.

KUPEZA NAMBALA ZA KWANU

Nambala za m'nkhaniyi ndi za chitsanzo. Mudzi uliwonse uli ndi njira zake, ndipo nambala zake zimapezeka polemba. Munthu woyendayenda, kapena mphunzitsi ndi ana ake, alembe m'kope nthawi yonyamuka ndi nthawi yofika pa ulendo uliwonse, pamodzi ndi tsiku ndi nyengo. Mwachitsanzo, munthu wina atakwera minibasi kasanu pa msewu umodzi angapeze mphindi izi: 95, 100, 150, 90, 105. Azisanje kuyambira yaing'ono: 90, 95, 100, 105, 150. Nambala yokhala pakati pa mzere ndi 100, ndipo imeneyo ndiyo nthawi ya masiku ambiri. Akaphatikiza zonse n'kugawa ndi zisanu apeza 108, nambala imene yakokedwa ndi tsiku limodzi loipa lija, ndipo ikuposa maulendo anayi mwa asanuwo. Ndicho chifukwa chake nambala yapakati pa mzere ndiyo yabwino pofotokoza tsiku wamba. Koma 150 ija isafufutidwe ngati cholakwa. Imeneyo ndiyo ikuchenjeza za kutalika kwa tsiku loipa.

Maulendo asanu sanena zonse. Ulendo wachisanu ndi chimodzi ukhoza kuposa onsewo, ndipo mwayi wake ukhoza kuwerengedwa. Pa maulendo asanu ndi limodzi ochitika m'nyengo yofanana, uliwonse uli ndi mwayi wofanana wokhala wotalika kuposa anzake. Choncho mwayi woti wotsirizawo ndiwo utalike kuposa asanu olembedwa aja ndi umodzi pa 6. Wolemba maulendo 9 amatsitsa mwayi umenewu kufika pa umodzi pa 10. Kope likamadzaza, nambala yaikulu imakhala yodalirika. Maulendo a m'chilimwe ndi a m'dzinja alembedwe pa masamba osiyana, pakuti njira ya mu Seputembala si njira ya mu Febuluwale.

Kumene kulibe kope, munthu afunse. Akale anati safunsa anadya phula, koma kufunsa nakonso kuli ndi luso. Funso loti "Kodi ndi kutali?" limabala yankho loti "Ndi pompa." Funso labwino ndi lakuti, "Ulendo wathawu munanyamuka nthawi yanji, ndipo munafika nthawi yanji?" Pambuyo pake afunsenso kuti, "Nanga tsiku limene munachedwa kwambiri munafika nthawi yanji?" Mafunso awiriwa amapereka nambala yapakati ndi yaikulu.

ZIZINDIKIRO ZA NAMBALA YOKAYIKITSA

Nambala ya nthawi ikhoza kuzindikirika kuti ndi yolakwika munthu asananyamuke. Ikakhala ndi mphindi zosasendezedwa, monga 23 kapena 47, kawirikawiri yachokera pa foni kapena pa masamu a mtunda ndi liwiro. Imeneyo ndi ya galimoto losaima panjira, ndipo iyenera kutengedwa ngati nthawi yaifupi ya chigawo cha msewu chokha. Ikachokera kwa munthu woyenda pa galimoto lake kapena pa njinga yamoto, siyenera wokwera minibasi. Ikachokera kwa kondakita amene akufuna kudzaza galimoto, mawu oti "tikunyamuka pompano" asawerengedwe ngati nambala. Ikachokera kwa munthu amene anayenda njirayo m'nyengo ina, kapena mlatho usanaguluke, yatha ntchito.

Chizindikiro chotsiriza chimaoneka pambuyo pa maulendo angapo. Nambala yapakati ikakhala yoona, munthu amafika msanga masiku ena ndi kuchedwa masiku ena. Ngati amachedwa ulendo uliwonse, cholakwa si cha msewu kapena cha dalaivala. Nambala yakeyo ndi yaing'ono, ndipo kawirikawiri pali chigawo chimene sakuchiwerenga.

MAFUNSO A M'KALASI

1. Mayi akuyenda makilomita 4 pa ola kupita ku chigayo cha makilomita 7. Atenga mphindi zingati, ndipo nthawiyo inenedwe bwanji? (Yankho: mphindi 105, ndiko kunena ola limodzi ndi mphindi 45.)

2. Mwana wapeza kuti ulendo ndi wa maola 2.3. Kodi ndi maola angati ndi mphindi zingati? (Yankho: maola 2 ndi mphindi 18, posendeza, maola awiri ndi mphindi 15.)

3. Ulendo wina umatenga maola awiri masiku ambiri, ndi maola atatu zikavuta. Mlandu uyamba 9 koloko m'mawa. Munthu anyamuke nthawi yanji? (Yankho: 6 koloko kapena isanakwane, hafu 5 ngati bwalolo salidziwa.)

4. Ana alembe kwa sabata imodzi nthawi imene amatenga kuchokera kunyumba kufika kusukulu. Lachisanu aliyense asanje nambala zake zisanu, apeze yapakati, yaing'ono ndi yaikulu, ndipo anene ulendo wake m'chiganizo chimodzi monga ananenera mphunzitsi uja.